Mafunso a uzamba: pezani gawo limene mayi wafika musanasankhe chochita

Funso la pamayeso lokhudza kubereka silikonda kunena poyera kuti mayi ali pa gawo liti. Limangokupatsani manambala: khomo la chiberekero latseguka masentimita akuti, mutu wa mwana uli pakuti, mtima wake ukugunda mwakuti, nthawi ili yakuti. Kenako limafunsa kuti mzamba achite chiyani tsopano. Pa mayankho amene aikidwa, ambiri amakhala zinthu zimene mzamba amachitadi, kungoti amazichita pa nthawi ina. Kuuza mayi kuti atchime n'kolondola, koma osati khomo lisanatseguke lonse. Kubaya okisitosini, mankhwala okungitsa chiberekero, pantchafu n'kolondola, koma osati mwana akadali m'mimba. Choncho musanawerenge mayankho, lembani pambali pa funsolo gawo limene mayiyo ali, ndipo mulipeze kuchokera pa zimene zapimidwa, osati pa kulira kwa mayi kapena pa maola amene wakhala m'chipatala.

Malire ake ndi awa. Gawo loyamba limayamba pamene chiberekero chikukunga mobwerezabwereza ndipo khomo layamba kupyapyala ndi kutseguka, n'kutha khomolo likafika masentimita 10. Lachiwiri limachokera pamenepo mpaka mwana atabadwa. Lachitatu limatha nsengwa ikatuluka. Lachinayi ndi ola loyamba kapena maola awiri oyamba nsengwa itatuluka.

Tiyeni titsatire mayi mmodzi wa m'funso kuyambira pofika mpaka pomaliza. Ali ndi zaka 19, mimba yoyamba, masabata 39, ndipo wafika 8 koloko m'mawa pachipatala chaching'ono cha m'boma la Tsangano, pamene palibe chipinda cha opaleshoni.

Pofika: kodi patogirama itsegulidwe?

Mwamupima pamimba ndipo mutu ukumveka zala zitatu mwa zisanu pamwamba pa fupa la chinena. Chiberekero chikukunga katatu pa mphindi 10, ulendo uliwonse masekondi 35. Mtima wa mwana ukugunda ka 140 pa mphindi, nsupa sinasweke, ndipo khomo latseguka masentimita 5. Mayiyu ali pa gawo loyamba, m'chigawo chake chofulumira. Yankho n'kutsegula patogirama, pepala lolembapo mmene kubereka kukuyendera, kuika chizindikiro choyamba pa mzere wochenjeza pa masentimita 5, n'kulemba nthawi pansi pake. Chizindikiro choyamba chimakhala pamzerewo nthawi zonse, osati kumayambiriro kwa pepala.

Apa pali kusiyana kumene kumasokoneza ophunzira ambiri. Patogirama imene inazolowereka imayamba pa masentimita 4, ndipo mabuku akale amati chigawo chofulumira chimayambira pamenepo. Malangizo a Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse a 2018 anasunthira malirewo pa masentimita 5. Funso likatchula mzere wochenjeza ndi mzere wochitapo kanthu, dziwani kuti likuyendera patogirama ya masentimita 4, ndipo yankhani motero. Likatchula malangizo atsopano, yankhani 5.

Khomo likanakhala pa masentimita 2 kapena 3, nkhani ikanakhala ina. Chimenecho ndi chigawo choyamba, choyenda pang'onopang'ono, ndipo mzamba salemba pa mizere ya patogirama, saswa nsupa, saika okisitosini m'diripi. Amalola mayi kuyendayenda, kudya phala, kumwa madzi ndi kukodza pafupipafupi, n'kumupimanso pakatha maola anayi. Kumudzi kukakhala kutali, monga mmene zilili m'midzi yambiri ya ku Angoniya ndi ku Makanga, mayi sabwezedwa kunyumba, amakhala pafupi kapena kunyumba yodikirira. Ine ndimaonjezapo funso limodzi kwa iye ndi kwa amene amuperekeza, mwaulemu ndi mosakalipa: "Mayi, mwamwako mankhwala alionse kunyumba kuti matenda afulumire?" Akamwa mankhwala otere, chiberekero chimatha kukunga mopitirira muyezo khomo lisanatseguke, ndipo mtima wa mwana umafunika kuumvetsera pafupipafupi.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasintha yankho ngakhale gawo lisanadziwike. Mayi akafika akutaya magazi mwana asanabadwe, musapime ndi zala kunjira yoberekera, chifukwa nsengwa ikhoza kukhala itatseka khomo, ndipo chala chimodzi chikhoza kuyambitsa kutaya magazi koopsa. Ikani diripi n'kumutumiza. Chachiwiri, nsupa ikasweka muli pomwepo, choyamba n'kumvetsera mtima wa mwana ndi kuona mtundu wa madziwo. Mtima ukatsika kapena mutu ukakhala kuti sunalowe, pimani msanga kuti muone ngati chingwe cha mchombo sichinatsogole.

Kuyang'anira gawo loyamba

Nthawi zopimira zimafunsidwa kawirikawiri, ndipo n'zosavuta kuzigwira mukaziika m'magulu. Mphindi 30 zilizonse mumamvetsera mtima wa mwana, kuwerenga kukunga kwa chiberekero pa mphindi 10, ndi kuwerenga kugunda kwa mtima wa mayi. Maola anayi alionse mumapima khomo, kutsika kwa mutu ndi kuthamanga kwa magazi. Mtima wa mwana umamvetseredwa kwa mphindi yathunthu, makamaka chiberekero chikangomasuka, chifukwa mwana amene akuvutika amachedwa kubwezeretsa kugunda kwake pa nthawi imeneyo. Kugunda koyenera ndi kuyambira 110 mpaka 160, ngakhale mabuku ena akale amayambira pa 120.

Tsopano yakwana 12 koloko masana. Papita maola anayi, ndipo mzere wochenjeza, umene umayenda sentimita imodzi pa ola, ukuyembekeza masentimita 9. Funso likhoza kupita njira ziwiri, ndipo zonse ziwiri n'zofunika kuzidziwa.

Njira yoyamba: khomo lili pa masentimita 6 okha. Chizindikiro chanu chagwera kumanja kwa mzere wochenjeza ndi maola atatu. Mzere wochitapo kanthu uli maola anayi kumanja kwa wochenjeza, ndiye kuti sunafikidwe, kwatsala ola limodzi. Wophunzira wofulumira amasankha "dikirani mpaka afike pa mzere wochitapo kanthu". Yankho limenelo likanatha kumveka pachipatala chimene chili ndi opaleshoni, koma funso linanena kale kuti pano palibe. Maola anayi a pakati pa mizere iwiriyo anaikidwa kuti mayi ayende ulendo wake akadali bwino. Amene anayendapo misewu yafumbi ya ku Tsangano m'nyengo yamvula akudziwa kuti ola limodzi silikwanira ngakhale kudikira ambulansi. Ndiye yankho n'kumupimanso bwinobwino, kuonetsetsa kuti wakodza, kuika diripi, kulemba kalata, n'kumutumiza kuchipatala chimene chimachita opaleshoni, monga cha ku Ulongwe kapena chachikulu cha ku Tete, patogirama ili m'manja mwa womuperekeza. N'zoona kuti malangizo a 2018 amati kuchedwa kwa khomo pakokha si chifukwa chofulumizira kubereka ndi mankhwala. Koma malangizo omwewo amalola kuti kumalo ovuta mayendedwe mzere wochenjeza ugwirebe ntchito posankha woyenera kutumizidwa.

Pomupimanso mukufuna kudziwa chimene chachedwetsa. Chiberekero chikamakunga kawiri kokha pa mphindi 10, kosafika masekondi 20, mutu uli wabwinobwino, vuto ndi mphamvu yochepa, ndipo kuchipatala chachikulu akhoza kuswa nsupa ndi kuika okisitosini m'diripi moyang'anira. Koma chikamakunga kanayi, masekondi oposa 40, mutu uli pomwepo pa zala zitatu, pamutu patatupa, mafupa a mutu atakwerana moti sakulekana mukawakankha ndi chala, ndiye kuti mwana wakanika kudutsa. Pamenepa okisitosini ndi yankho loipitsitsa pa onse, chifukwa amakankha chiberekero pa njira yosadutsika mpaka kung'ambika. Mkodzo wa magazi, kapena mzere wolowa mkati wodutsa pamimba n'kuigawa pawiri, ndi zizindikiro zakuti nthawi yatha kale. Mayiyo akufunika opaleshoni.

Njira yachiwiri: khomo lili pa masentimita 9, mutu watsika, zonse zili bwino, koma mayi akukuwa kuti akufuna kutchima. Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa kufuna kutchima anakuloweza ngati chizindikiro cha gawo lachiwiri. Ndi chizindikiro chongoganizira. Chotsimikiza ndi chimodzi chokha, khomo losamvekanso mbali iliyonse ya mutu. Mayiyu akadali pa gawo loyamba. Akatchima mwamphamvu tsopano, mlomo wa khomo wotsalawo umapanikizika pakati pa mutu ndi fupa, n'kutupa kapena kung'ambika, ndipo iye amatopa ntchito yeniyeni isanayambe. Mugonekeni chammbali, dzanja lamanzere pansi, mumusisite msana, mumuuze kuti, "Mayi, pumani mwawefuwefu ngati mene ndikuchitiramu, njira yatsala pang'ono, ndikuuzani ikakwana." Zizindikiro zikakula ola lisanathe, musadikire kuti maola anayi akwane, pimaninso.

Gawo lachiwiri

Ili 1 koloko masana. Khomo latseguka lonse, mayi akubuula motchima yekha, kumaliseche kwayamba kutukumuka. Nthawi yomvetsera mtima wa mwana yasintha, tsopano ndi mphindi zisanu zilizonse, kapena chiberekero chikangomasuka. Funso likakupatsani "mphindi 30" ngati yankho pa gawo ili, likuyesa ngati mwazindikira kuti gawo lasintha.

Mayi amatchima thupi lake likamuuza, mu kakhalidwe kamene wasankha, kaya chonjuta, chogwada kapena chammbali, ndipo amapuma pakati. Khomo likatseguka lonse koma iye asakumva kufuna kutchima, mwana ali bwino, mumadikira kuti mutu utsike. Kukanikiza pamwamba pa mimba ndi manja kapena chigongono n'kolakwika pa funso lililonse, ndipo ndimafuna kuti kutheretu m'zipinda zathu zoberekera, chifukwa kumavulaza chiberekero ndi mwana yemwe. Kucheka njira sikuchitidwa kwa aliyense chabe chifukwa ndi mimba yoyamba. Kumachitidwa pakakhala chifukwa, monga mtima wa mwana ukatsika mutu uli pakhomo penipeni.

Za kutalika kwa gawoli, malangizo a 2018 amati nthawi zambiri limatha asanakwane maola atatu pa mimba yoyamba ndi maola awiri kwa ntchembere, pamene mabuku akale amapereka nthawi yochepera. Chimene sichisintha n'chakuti mutu uyenera kumatsika. Mayi akatchima bwino kwa mphindi 30 popanda kusintha kulikonse, pimaninso kuti mutsimikize kuti khomo latsegukadi lonse, muone ngati chikhodzodzo chadzaza, muone mmene mutu wakhalira, ndipo yambani kukonza zomutumiza.

Mutu ukamatuluka, muuzeni asiye kutchima, azipuma mwawefuwefu. Dzanja limodzi limagwira mutu kuti usatuluke mwadzidzidzi, linalo limachirikiza mnofu wapansi ndi kansalu koyera. Mutu ukatuluka, pititsani chala m'khosi mwa mwana kufufuza chingwe cha mchombo. Chikakhala cholefuka, chidutsitseni pamutu. Chikathina moti mwana sangatuluke, chipaneni pawiri n'kudula pakati. Kenako dikirani kuti mutu utembenuke wokha, ndipo chiberekero chikakunganso tulutsani phewa lakutsogolo kenako lakumbuyo. Mutu ukatuluka n'kubwerera ngati ukukokedwa, phewa lakanirira. Itanani thandizo, pindani miyendo ya mayi mawondo afike pachifuwa, wina akanikize pamwamba penipeni pa fupa la chinena. Musakoke mutu mwamphamvu.

Mwana wabadwa 1:40. Lembani nthawiyo, muikeni pamimba pa mayi ake, mpukuteni thupi lonse ndi nsalu youma, chotsani yonyowayo n'kumufunditsa ina, mukuyang'ana ngati akupuma. Akalira, chingwe chimadulidwa pakapita mphindi imodzi mpaka zitatu. Akapanda kupuma mutamupukuta ndi kumusisita msana, dulani chingwe msanga n'kuyamba kumupumitsa ndi thumba lopopera mpweya mphindi yoyamba isanathe. Mayankho monga kumuzondotsa, kumumenya kumapazi kapena kudikira kupima thanzi la mwana kwa pa mphindi zisanu ndi otaya nthawi.

Gawo lachitatu: mndandanda wake ndiwo umafunsidwa

Pano zochita zake n'zochepa, koma funso limazisokoneza dala kuti lione ngati mukudziwa choyamba. Choyamba n'kugwira pamimba kuti mutsimikize kuti mulibe mwana wina. Amayi ambiri akumidzi amafika tsiku lobereka asanaunikidwepo ndi makina, ndipo mapasa amatha kubisala mpaka nthawi imeneyi. Mukabaya okisitosini wina ali m'kati, chiberekero chimamupana n'kumuchepetsera mpweya. Mukatsimikiza kuti mulibe, bayani okisitosini mayuniti 10 pantchafu, mphindi imodzi isanathe chibadwire mwana. Jakisoniyo ayenera kukhala atakokedwa kale mutu usanatuluke, ndipo mankhwalawo akhale ochokera mufiriji, chifukwa kutentha ngati kwa mumzinda wa Tete ndi ku Mowatize kumawafooketsa. Okisitosini akasowa, mayi amamwa misopulositolo mamaikulogalamu 600. Funso likatchula kuti magazi a mayi akuthamanga kwambiri kapena anakomokapo, egometirini, mankhwala ena okungitsa chiberekero, ndi woletsedwa.

Chachitatu n'kukoka chingwe mosamala. Sunthirani chopanira pafupi ndi maliseche, gwirani chingwe ndi dzanja limodzi, linalo liikeni pamwamba pa fupa la chinena likukankhira chiberekero chakumtunda. Dikirani chiberekero chikunge, kenako kokani pang'onopang'ono chakumunsi. Nsengwa ikapanda kutsika pa masekondi 30 mpaka 40, siyani, gwirani chingwe chabe mpaka chiberekero chikungenso. Kukoka chiberekero chili chofewa, kapena dzanja lochirikiza lija palibe, kumadula chingwe kapena kutembenuza chiberekero chamkati kubwera kunja. Zizindikiro zakuti nsengwa yalekana ndi chiberekero ndi zitatu zodziwika: magazi amatuluka pang'ono mwadzidzidzi, chingwe chimatalika, ndipo chiberekero chimalimba n'kukwera.

Nsengwa ikaonekera, ilandireni ndi manja awiri n'kuizunguza mofatsa kuti zikopa zake zipotane zisaduke. Ikangotuluka, dzanja lipite pamimba kukaona ngati chiberekero chalimba, ndipo chikakhala chofewa chisisiteni. Mukatero m'pamene mumayala nsengwayo m'mbale n'kuona ngati zigawo zake zonse zilipo, ngati zikopa zakwana, ndi ngati palibe mtsempha wothera m'mphepete mwa chikopa, umene umasonyeza kuti kachigawo kena katsalira. Pomaliza yang'anani njira ngati yang'ambika.

Zikapita mphindi 30 nsengwa isanatuluke, mayi asakutaya magazi, tulutsani mkodzo, muikeni mwana kubere, yesaninso kukoka mosamala, ndipo ikakanabe konzani zoichotsa ndi dzanja kapena kumutumiza. Akamataya magazi, palibe kudikira mphindi 30.

Gawo lachinayi

Ili 2:20. Nsengwa inatuluka 1:50, mwana akuyamwa, apongozi ayamba kuimbira foni kumudzi. Funso likuti mwapeza nsalu imene mayi wagonera itanyowa magazi, ndipo chiberekero n'chofewa, chakwera kupitirira mchombo, chapendekera kumanja. Mayankho ndi awa: kuyeza kuthamanga kwa magazi, kuitana dokotala, kusisita chiberekero, kusoka pong'ambika. Onsewo ali ndi nthawi yake, koma choyamba n'kusisita chiberekero, mukuitana thandizo ndi pakamwa dzanja lili pamimba. Pamene panali nsengwa pamatsala mitsempha yotseguka, ndipo chimene chimaitseka ndi kukunga kwa chiberekero chenichenicho. Ikani chikhatho pamwamba pake, sisitani mozungulira mwamphamvu mpaka chilimbe ngati mpira, n'kufinya magazi oundana atuluke.

Kupendekera kumanja kuja sikunalembedwe pachabe. Kukusonyeza chikhodzodzo chodzaza chimene chikukankha chiberekero n'kuchilepheretsa kukunga, ndiye chotsatira n'kutulutsa mkodzo ndi kapaipi. Pa nthawi yomweyo mnzanu akuika diripi ya singano yaikulu, akubwereza okisitosini, ndipo magazi akafika mamililita 500 kapena mayi akayamba kusintha, amapatsidwa tiranekisamiki, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, galamu imodzi mumtsempha pang'onopang'ono, maola atatu asanathe chibadwire mwana. Musadalire kuthamanga kwa magazi kuti kukuchenjezeni, chifukwa mwa mtsikana wathanzi kumachedwa kutsika. Kugunda kwa mtima wake kumakwera poyamba, ndipo amayamba ludzu, thukuta ndi kusakhazikika. Mayi amene anali kale ndi magazi ochepa chifukwa cha malungo amafooka ngakhale mamililita 500 asanakwane.

Tsopano sinthani mawu amodzi m'funsolo: chiberekero n'cholimba, chili pansi pa mchombo, koma magazi ofiira kwambiri akungoyenderera. Kusisita sikuthandiza pamenepa. Magaziwo akuchokera pong'ambika, ndiye yankho n'kuyatsa nyali yowala, kuyang'ana njira yonse mpaka khomo la chiberekero, kupanikiza pamene pakutuluka magazi n'kusoka kapena kutumiza. Chiberekero chikamalimba mukachisisita n'kufewanso mukachisiya, bwererani ku mbale ija mukaonenso nsengwa, chifukwa kachidutswa kotsalira kamachita zimenezo. Magazi akakhala kuti sakuundana n'komwe, vuto lili m'magazi momwemo, ndipo mayiyo akufunika chipatala chimene chili ndi magazi oika.

Ngakhale zonse zili bwino, mzamba sachoka. Mphindi 15 zilizonse amagwira chiberekero, amaona nsalu, amawerenga kugunda kwa mtima wa mayi ndi kuyeza kuthamanga kwa magazi, amaonanso kupuma ndi kutentha kwa mwana, makamaka kumapiri a ku Angoniya kumene mwezi wa Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri. Mwana amakhala pachifuwa pa mayi khungu ndi khungu, atavala chipewa, n'kuyamwa ola loyamba lisanathe. Kumuyeza pasikelo, mankhwala a m'maso ndi vitamini K zimabwera akayamwa, ndipo kumusambitsa kumadikira maola 24. Musanapite kwa wodwala wina, tengani dzanja la mayiyo muliike pamimba pake, amve yekha mmene chiberekero cholimba chimamvekera, ndipo muuzeni iye ndi womudikirira kuti chikafewa kapena nsalu ikanyowa msanga, asisite pomwepo n'kukuitanani mokweza.